Pamene 200 kuphatikiza 100 yankho lake ndi 44

Mukaipatsa purosesa yotchedwa 6502 samu ya 200 kuphatikiza 100, yankho lomwe imalemba ndi 44. Sikuti yawonongeka ayi. Malo omwe imalembamo yankho ndi opanikiza, 300 sangakwanemo, ndiye imalemba chomwe chakwana n'kusiya chizindikiro pambali chonena kuti pali china chatsalira kunja. Zizindikiro zotere zimatchedwa mbendera, ndipo zitatu mwa izo, zomwe pa sikirini zimalembedwa C, Z ndi N, ndi zomwe kompyuta imadalira ikafuna kudziwa ngati nambala ina yaposa inzake, ngati ntchito yobwerezabwereza yatha, kapena ngati samu yatsikira kunsi kwa ziro.

Purosesa ya 6502 inatuluka mu 1975 ku kampani ya MOS Technology ya ku America, ndipo gulu lomwe linaipanga linkatsogoleredwa ndi Chuck Peddle. Inkagulitsidwa madola 25, mtengo wotsika kwambiri pa nthawiyo, choncho inalowa mu kompyuta ya Apple II mu 1977 ndi ya BBC Micro mu 1981, ndipo abale ake osinthidwa pang'ono analowa mu Commodore 64 ndi m'makina a masewera a Nintendo. Ndaisankha chifukwa ndi yaing'ono moti munthu akhoza kutsatira zonse zomwe ikuchita ali ndi pensulo ndi pepala basi. Komanso zilembo za mbendera zake ndi zomwezo zomwe zili mu purosesa ya ARM, yomwe imayendetsa pafupifupi foni iliyonse yamakono.

Mkati mwa 6502 muli kamalo kosungira nambala kotchedwa rejista ya A, ndipo samu zophatikiza ndi zochotsera zimachitikira momwemo. Rejistayi ili ndi mipata 8, mpata uliwonse umalandira 0 kapena 1. Mpata umodzi wotere ndi biti, ndipo mabiti 8 pamodzi ndi bayiti. Kuyambira kumanja kupita kumanzere, mipatayi imaimira 1, 2, 4, 8, 16, 32, 64 ndi 128. Yonse ikadzaza ndi ma 1 nambala yake ndi 255, ndipo pamenepo ndi pamathero. Pambali pake pali rejista ina, ya P, momwe biti iliyonse imaima payokha ngati mbendera. Biti ikakhala 1 timati mbendera yakwera, ikakhala 0 yatsika.

Munthu wolemba pulogalamu m'chinenero cha asembuli amalankhula ndi purosesa mwachindunji, lamulo limodzi pa mzere umodzi. Samu yathu ija amailemba chonchi:

```
CLC
LDA #200
ADC #100
```

Lamulo la `LDA` limaika 200 mu A, ndipo `ADC` limawonjezerapo 100. Za `CLC` tizisunge kaye. Purosesa imawonkhetsa monga momwe aphunzitsi a ku pulayimale anatiphunzitsira: kuyambira kumanja, mzere ndi mzere, ndipo mzere ukadzaza umalemba chotsala n'kunyamula wani kupita naye ku mzere wotsatira. Kusiyana kwake n'kwakuti kusukulu mzere unkadzaza pa 10, pomwe apa umadzaza pa 2.

```
    11001000   (200)
  + 01100100   (100)
  ----------
  1 00101100   (44)
```

Taonani wani wayima payekha kumanzereyo. Wachokera mu mzere wa 128, womwe ndi womaliza, ndipo mwana wasukulu akanangomulemba kutsogolo kwa yankho chifukwa pepala lili ndi malo. Rejista ya A ilibe mpata wachisanu ndi chinayi. Wani ameneyu, yemwe mtengo wake ndi 256, amakagwera mu mbendera ya C. Tsono yankho lonse lilipo, langogawika pawiri: 256 ali mu C, 44 ali mu A, ndipo pamodzi ndi 300. Samu ikanakhala 20 kuphatikiza 30, palibe wani akanatuluka ndipo C ikanatsika. Apa pali mfundo yomwe ongoyamba kumene amaiphonya: `ADC` silimangokweza C pakafunika, limailemba nthawi zonse, 1 kapena 0, ndipo zomwe zinalipo kale zimafufutika.

Mbendera ya Z nkhani yake ndi yaifupi. Purosesa imayang'ana mabiti 8 a yankho, ndipo onse akakhala 0 imakweza Z. Chimasokoneza anthu poyamba n'chakuti yankho likakhala 0 mbendera imakhala 1, koma zimazoloweleka msanga. Chofunika kusamala nacho kwambiri n'chakuti Z imaona zokhazo zomwe zatsala mu rejista. Muphatikize 200 ndi 56: yankho lenileni ndi 256, koma wani yense wapita ku C ndipo mu A mwatsala 00000000. Z yakwera, C yakweranso. Pulogalamu yomwe ikungofunsa Z yokha idzaganiza kuti palibe kanthu, chikhalirecho pali 256.

Mbendera ya N ndi yomwe ili ndi mbiri yonamiza anthu, ngakhale kuti payokha sinama. Ntchito yake ndi imodzi: kukopera biti yakumanzere kwenikweni ya yankho, ya mu mzere wa 128 ija. Bitiyo ikakhala 1, N imakwera. Basi.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi manambala a kunsi kwa ziro? Mu bayiti mulibe malo olembapo kachizindikiro kochotsera, choncho anthu anachita kugwirizana. Mukachotsa 1 pa 00000000, mipata yonse imatembenuka n'kukhala 11111111, ndiye anati chabwino, 11111111 aziimira -1, ndipo 11111110 aziimira -2, kumatsika choncho mpaka 10000000 yemwe ndi -128. Pa mgwirizano umenewu manambala 0 mpaka 127 amakhala momwe alili, koma kuyambira 128 mpaka 255 mumachotsapo 256 kuti mupeze tanthauzo lake. Onse a kunsi kwa ziro amayamba ndi 1 kumanzere, n'chifukwa chake N imathandiza. Ubwino wa njirayi ndi wakuti mawaya omwewo owonkhetsera amagwira ntchito pa mitundu yonse iwiri ya manambala popanda kusintha kalikonse.

Koma purosesa sidziwa kuti inu mwasankha mgwirizano uti. Bayiti ya 11001000 ikhoza kukhala 200 kapena -56, ndipo palibe paliponse m'makinamo pomwe zalembedwa kuti ndi iti. Tiyese 100 kuphatikiza 50. Yankho ndi 10010110, C yatsika, Z yatsika, N yakwera. Ngati wolemba pulogalamu akuwerenga manambala kuyambira 0 mpaka 255, yankho ndi 150, lolondola, ndipo N yakwerayo ilibe uthenga uliwonse kwa iye. Ngati akuwerenga kuyambira -128 mpaka 127, yankho laoneka ngati -106, lomwe ndi lolakwika, chifukwa 150 sakwana m'malire amenewo. N yanena zoona zokhazokha, kuti biti yakumanzere ndi 1. Pa vuto lachiwirili pali mbendera yachinayi, ya V, yomwe imakwera samu ya manambala okhala ndi chizindikiro ikadumpha malire. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, koma ndi bwino kudziwa kuti ilipo, chifukwa ambiri amayembekezera kuti C iwachenjeza pamenepa, pomwe si ntchito yake.

Wani wonyamulidwa sataika

Tibwerere ku `CLC`. Pa 6502 palibe lamulo longophatikiza manambala awiri okha. `ADC` nthawi zonse limaphatikiza zinthu zitatu: zomwe zili mu A, nambala yomwe mwapereka, ndi mbendera ya C momwe yaipezera. Ngati samu ina yam'mbuyo inasiya C ili yokwera, 20 kuphatikiza 30 idzapereka 51. `CLC` limatsitsa mbenderayo kuti samu iyambe poyera.

Poyamba zimaoneka ngati chilema cha purosesayi, koma anachitira dala, chifukwa ndi njira yomwe makina a mabiti 8 amawerengera manambala oposa 255. Titenge 1000 kuphatikiza 300. Nambala iliyonse imagawidwa m'mabayiti awiri, yapamwamba yowerenga ma 256 ndi yapansi yosunga zotsala. Mu 1000 muli ma 256 atatu ndipo kutsala 232. Mu 300 muli 256 mmodzi ndipo kutsala 44.

```
CLC
LDA #232
ADC #44
STA $10
LDA #3
ADC #1
STA $11
```

`ADC` loyamba lapeza 276, lasiya 20 mu A ndipo lakweza C. `STA` likusunga 20 uja m'chikumbumtima cha kompyuta, pa malo olembedwa `$10`, ndipo silikhudza mbendera iliyonse. Kenako `LDA` likubweretsa 3. Lamuloli limasintha Z ndi N mogwirizana ndi nambala yomwe lanyamula, koma C limaisiya momwe ilili, ndipo apa ndi pomwe pagona nzeru yonse. `ADC` lachiwiri likupeza wani uja akudikira: 3 kuphatikiza 1 kuphatikiza 1 ndi 5. Ma 256 asanu ndi 1280, kuwonjezerapo 20 ndi 1300.

Munthu wosamala mopitirira muyeso, yemwe wamva kuti `CLC` liziyamba nthawi zonse, akaliikanso pakati pa magawo awiriwa amapha wani uja, ndipo yankho limakhala 1044. Choipa chake n'chakuti pulogalamu yotere imayenda bwinobwino pa manambala onse omwe mabayiti awo apansi sadutsa 255 akaphatikizidwa. Mukayesa ndi 1000 kuphatikiza 10 simudzaona vuto. Kukula kwa cholakwika n'komwe kumaulula gwero lake: yankho likaperewera ndi 256 ndendende, wani wataika pakati pa mabayiti, likapyola ndi 1, ndipo nthawi zina lokha osati nthawi zonse, `CLC` loyambirira laiwalika.

Palinso msampha wa Z pa samu ya mabayiti awiri. Ikatha, Z imanena za bayiti yomaliza yokha, yapamwamba. Yankho likakhala 20, bayiti yapamwamba ndi 0 ndipo Z imakwera, ngakhale kuti 20 si ziro. Wofuna kudziwa ngati nambala yonse ndi ziro ayenera kufunsa mabayiti onse awiri.

Kuchotsera, komwe C imaoneka ngati yazondoka

Purosesa ya 6502 ilibe mawaya apadera ochotsera. Lamulo la `SBC` limatenga nambala yochotsedwayo, kutembenuza mabiti ake onse, 0 kukhala 1 ndi 1 kukhala 0, kenako n'kuphatikiza monga mwa nthawi zonse, pamodzi ndi C. Kutembenuza mabiti a bayiti n'chimodzimodzi kuichotsa pa 255. Kuti samu ituluke bwino pamafunika 256, choncho pakuperewera 1, ndipo 1 ameneyo amachokera ku C. N'chifukwa chake kuchotsera kumayamba ndi `SEC`, lamulo lokweza C, osati `CLC`.

```
SEC
LDA #5
SBC #3
```

Mabiti a 3 akatembenuzidwa amakhala 252. Purosesa ikuphatikiza 5, 252 ndi 1, kupeza 258. Mu A mwatsala 2, lomwe ndi yankho lolondola, ndipo 256 watuluka n'kukweza C. Tsopano tisinthanitse: 3 kuchotsa 5. Mabiti a 5 otembenuzidwa ndi 250, ndipo 3, 250 ndi 1 pamodzi ndi 254. Palibe chadutsa 255, ndiye C yatsika. Yankho ndi 11111110, N yakwera, ndipo kwa yemwe akuwerenga manambala okhala ndi chizindikiro ameneyu ndi -2.

Choncho pochotsera, C yokwera imatanthauza kuti samu yatheka popanda kubwereka, ndipo C yotsika imatanthauza kuti pabwerekedwa. Munthu amayembekezera kuti mbendera izikwera pakachitika chachilendo, koma apa imatsika. Ine ndimaona kuti kuloweza lamuloli ngati ndakatulo sikuthandiza, chifukwa tsiku lomwe mwatopa mudzalitembenuza. Chomwe chimakhazikika m'mutu ndi kuchita samu ziwirizi pa pepala kamodzi, n'kuona ndi maso kuti C ikuchitabe ntchito yake yakale ija, yolandira wani wotuluka kumanzere. Palibe chomwe chazondoka m'mawayamo. Ndipo C yotsikayo ikafika pa `SBC` ya bayiti yotsatira, 1 uja amasowa, yankho limachepa ndi 1, ngongole yabwezedwa yokha.

Si mapurosesa onse omwe amatero. A banja la x86, omwe ali m'malaputopu ambiri okhala ndi purosesa ya Intel kapena AMD, amakweza mbendera yawo, yotchedwa CF, pamene pabwerekedwa. Z80 nayo imachita chimodzimodzi. ARM, yomwe Sophie Wilson ndi Steve Furber anaipanga ku kampani ya Acorn ku Cambridge, ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1985, imatsata njira ya 6502. Acorn ndi kampani yomweyo yomwe inapanga BBC Micro, choncho awiriwa 6502 ankaidziwa bwino. Munthu wosamutsa pulogalamu kuchoka pa x86 kupita pa ARM akaiwala kusiyana kumeneku, paliponse pomwe pulogalamu imafunsa mbenderayi itatha kuchotsera imakhotera kolakwika.

Kumene mbendera zimagwira ntchito

Mbendera ikakwera palibe belu lomwe limalira. Purosesa imangopita pa lamulo lotsatira, ndipo ngati palibe wafunsa, samu ina imabwera n'kulemba zake pamwamba. Ofunsawo ndi malamulo odumpha: `BCS` limadumphira pa mzere wina ngati C yakwera, `BCC` ngati yatsika, `BEQ` ngati Z yakwera, `BNE` ngati yatsika, `BMI` ngati N yakwera, ndipo `BPL` ngati yatsika. Paliponse pomwe pulogalamu ya pa foni imati ngati ndalama zakwana tumizani, ngati sizinakwane kanani, pansi penipeni pamakhala kuchotsera kotsatiridwa ndi kudumpha kwa mtundu umenewu.

Poyerekeza manambala awiri pali lamulo la `CMP`. Limachotsera ngati `SBC`, koma yankho limalitaya, A imatsala momwe inalili, ndipo chotsalira ndi mbendera zitatu zija basi. Silifunanso `SEC` patsogolo, 1 uja limadziikira lokha. Manambala akafanana yankho ndi ziro ndipo Z imakwera, n'chifukwa chake `BEQ` limagwiritsidwa ntchito pofunsa ngati zinthu ziwiri zili zofanana. A ikakhala yaikulu kapena yofanana ndi inzake, palibe kubwereka ndipo C imakwera. Ikakhala yaing'ono C imatsika.

Apa ndi pomwe N imagwetsa anthu ambiri. Maganizo ake amamveka anzeru: ngati A ndi yaing'ono, kuchotsera kupereka nambala ya kunsi kwa ziro, ndiye ndifunse N. Pa 3 ndi 5 zimathekadi. Koma tiyese izi:

```
LDA #200
CMP #10
BMI CHEPA
```

200 kuchotsa 10 ndi 190, yemwe mabiti ake ndi 10111110. Biti yakumanzere ndi 1, N yakwera, ndipo pulogalamu yadumphira ku `CHEPA` ngati kuti 200 ndi wochepa kuposa 10. Mukatembenuza, 10 kuyerekeza ndi 200, mu mabiti 8 mumatsala 66, N imatsika, ndipo pulogalamu imaona ngati 10 ndiye wamkulu. Pa samu zonse ziwirizi C inali ndi yankho lolondola: yokwera pa yoyamba, yotsika pa yachiwiri. Pa manambala a 0 mpaka 255 lamulo loyenera ndi `BCC`, osati `BMI`. Chizindikiro cha matendawa n'chodziwika: pulogalamu imayenda bwino manambala akakhala oyandikana, koma imapenga akatalikirana kupitirira 128 kapena chapompo.

Zofanana ndi zimenezi zimachitika pa ntchito yobwerezabwereza. Lamulo la `DEX` limachotsa 1 pa rejista ina yotchedwa X, n'kulemba Z ndi N, koma C silikhudza. Anthu amakonda kuwerenga chotsika ndi `DEX` kenako `BPL`, kuti ntchito ipitirire mpaka X itatsika kuchoka pa 0 kufika pa 255, pomwe N imakwera. Mukayambira pa 50 zimayenda, ntchito imachitika ka 51. Tsiku lina wina akakulitsa mndandanda n'kuyambira pa 200, `DEX` loyamba limapereka 199, yemwe biti yake yakumanzere ndi 1 kale, ndipo ntchito yomwe imayenera kuchitika ka 201 imachitika kamodzi kokha n'kutha. Kusakhudza C kwa `DEX` nakonso n'kwadala: kumalola kuti muphatikize nambala yaitali bayiti ndi bayiti, X ikuwerenga malo, wani wonyamulidwa osasokonezeka. Pa x86 malamulo a `INC` ndi `DEC` nawonso amasiya CF momwe ilili.

Choncho pofufuza vuto, funso loyamba si lakuti mbendera ili bwanji, koma lakuti ndi lamulo liti lomwe linailemba komaliza. Pa 6502, `LDA` limodzi lolowetsedwa pakati pa `CMP` ndi `BEQ` limafufuta Z ya kuyerekeza kuja, ndipo `BEQ` limayankha funso lina lomwe palibe analifunsa, lakuti kaya nambala yongonyamulidwayo ndi ziro. Pa x86 lamulo lonyamula, `MOV`, silikhudza mbendera konse. Opanga ARM anasankha kuti wolemba azinena yekha: `ADD` limaphatikiza n'kusiya mbendera zonse momwe zinalili, pomwe `ADDS`, lokhala ndi chilembo chimodzi chowonjezera, limalemba N, Z, C ndi V. Kumeneko cholakwika chofala ndi kuiwala `S` ameneyo, ndipo lamulo lodumpha limawerenga mbendera zomwe samu ina inasiya mizere ingapo m'mbuyomo.